Kuika MK, mipatuliro ndi manambala ofiira mu Excel osawononga masamu

*"Ndine msungichuma wa kalabu ya alimi a thonje kuno ku Ngabu. Mu Excel ndimalemba ndalama zimene membala aliyense wagulitsa thonje, ngongole yake ya mbewu ndi mankhwala, ndi zimene zamutsalira. Ndikufuna manambala azioneka ngati MK1,250,000, ndipo amene atsala ndi ngongole azituluka ofiira. Ndinayesa kulemba ndekha MK kutsogolo kwa nambala iliyonse koma chiwonkhetso chinangotuluka ziro. Ndichite bwanji?"* — Mayi wa ku Ngabu, Chikwawa

Mayi, zonse zitatuzi zimatheka ndi kamzere kamodzi kokha, koma kamzereko sikagwira ntchito mpaka mutachotsa ma MK amene munalemba ndi manja aja. Tiyambe pamenepo.

Excel imasiyanitsa zinthu ziwiri: chimene chili m'selo, ndi mmene chinthucho chikuonekera. Mukalemba `1250000`, Excel imadziwa kuti ndi nambala ndipo imatha kuiwonkhetsa. Mukalemba `MK1,250,000`, imaona zilembo kutsogoloko n'kutenga chonsecho ngati mawu, chimodzimodzi dzina la munthu. Fomula ya `SUM` imadumpha mawu mwakachetechete, n'chifukwa chake mwalandira ziro popanda chenjezo lililonse. Fomula yochotsera ngati `=B2-C2` ndiye sibisa, imangotulutsa `#VALUE!`. Njira yofulumira yozindikirira ndi kuyang'ana mbali imene zolembedwazo zatsamira. Ngati simunasinthe kaimidwe kake, manambala enieni amatsamira kumanja kwa selo ndipo mawu amatsamira kumanzere. Mukakayika, lembani `=ISNUMBER(B2)` m'selo yopanda kanthu. Ikayankha `FALSE`, ndiye kuti B2 ili ndi mawu.

Simufunika kulembanso zonse. Sankhani makolamu a ndalama okha, dinani `Ctrl+H`, pa `Find what` lembani `MK`, pa `Replace with` musalembepo kanthu, kenako `Replace All`. Ndanena kuti makolamu a ndalama okha chifukwa Excel posaka sisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono pokhapokha mutaiuza. Mukaisiya iyende pepala lonse, membala wa dzina ngati Mkandawire adzuka ali andawire. Ngati pambuyo pake manambala ena akadali kumanzere, ndiye kuti maselowo anaikidwa pa `Text`. Asinthireni ku `General`, sankhani kolamu imodzi, pitani pa `Data`, kenako `Text to Columns`, ndipo mungodina `Finish`. Excel iwerenganso kolamuyo mwatsopano.

Tsopano fomati yeniyeniyo. Sankhani maselo a ndalama, dinani `Ctrl+1`, ndipo patuluka bokosi la `Format Cells`. Pansi pa `Number`, tsikani mpaka pa `Custom`, fufutani zimene zili m'kabokosi ka `Type`, ndipo lembani izi monga zilili:

```
"MK"#,##0;[Red]-"MK"#,##0
```

Dinani `OK`. Kuyambira pamenepo inu muzingolemba manambala opanda chilichonse, MK ndi mipatuliro zizibwera zokha. Mukadina pa selo n'kuyang'ana m'mwamba pamene pamalembedwa mafomula, muona kuti pakadali `1250000` yosavala kanthu. Umenewo ndiwo umboni wakuti masamu anu sanakhudzidwe.

Ndi bwino mudziwe chimene kachidutswa kalikonse kakuchita, kuti tsiku lina zikasokonekera muzikonza nokha osadikira mwana abwere ku tchuthi. Chizindikiro cha `;` chimagawa fomati m'zigawo. Chigawo choyamba chimalamulira manambala oposa ziro, chachiwiri manambala ochepera ziro. Mutha kuwonjezera chachitatu cha ziro weniweni ndi chachinayi cha mawu, koma mukalemba ziwiri zokha, ziro amatsatira chigawo choyamba ndipo amaoneka MK0, zomwe ndi zokwanira pa ntchito yanu.

Mu `#,##0`, chizindikiro cha `#` chikutanthauza kuti pakhale nambala ngati ilipo, ndipo `0` akutanthauza kuti pakhale nambala nthawi zonse, ngakhale itakhala ziro. N'chifukwa chake kumapeto timaika `0` osati `#`. Mutalemba `#,###`, membala amene wabweza ngongole yake ndendende angaoneke ndi MK yokha yopanda nambala, ngati kuti mwaiwala kulemba. Mutalemba `0,000`, ndalama zokwana 500 zingaoneke 0,500. Mpatuliro umodzi uli pakatiwo ndi wokwanira. Excel imaubwereza yokha pakadutsa manambala atatu aliwonse, kaya ndalamazo zafika m'mamiliyoni.

Mitengero yozinga `"MK"` musaisiye. M'chinenero cha mafomati a Excel, chilembo cha `m` chili ndi ntchito yake kale, chimaimira mwezi kapena mphindi, monganso `d` aimira tsiku ndi `y` chaka. Mukalemba MK yopanda mitengero, Excel imayesa kuwerenga M ngati mbali ya deti, ndipo imakana fomatiyo kapena kukuonetsani zosamveka. Mitengero imaiuza kuti zilembozi zingoonekera monga zilili. Ngati kalabu yanu imalemba K yekha, kapena MWK monga amalembera a mabanki, ingosinthani zilembo za mkati mwa mitengero m'zigawo zonse ziwiri. Mukafuna kampata pakati pa MK ndi nambala, kaikeninso mkati momwemo: `"MK "`. Chinthu chimodzi chosamala apa n'chakuti ngati fomatiyi mwaikopera kuchokera mu Word kapena mu uthenga wa pafoni, mitengero imatha kubwera yopindika, ndipo Excel imafuna yoongoka ya pa kiyibodi. Ikakana, fufutani mitengeroyo n'kuilembanso ndi zala zanu.

`[Red]` amakhala koyambirira kwa chigawo chimene mukufuna chifiire, ndipo amagwira chigawo chokhacho. Mtundu umenewu umaposa mtundu wa zilembo umene mwasankha pa riboni, choncho musadabwe mukayesa kudetsa selo yofiira n'kuona ikukana.

Tifike pa kamzere kakang'ono kali pambuyo pa `[Red]`, chizindikiro cha mainasi, chifukwa apa ndi pamene ambiri amapunthwa ndipo kwa inu pangabuke mkangano pamsonkhano. Fomati ikakhala ndi chigawo chimodzi chokha, Excel imadziikira yokha mainasi pa nambala yochepera ziro. Koma mukangolemba chigawo chachiwiri, Excel imasiya kutero, imangoonetsa zimene inu mwalemba m'chigawocho. Mukaiwala mainasi n'kulemba chonchi:

```
"MK"#,##0;[Red]"MK"#,##0
```

ngongole ioneka yofiira inde, koma yopanda chizindikiro chilichonse chosonyeza kuti ndi ngongole. Ngakhale m'mafomati amene Excel imabwera nawo kale pansi pa `Currency` muli mtundu wotere, wofiira wopanda mainasi, ndipo anthu amausankha chifukwa umaoneka waudongo pa sikirini.

Tiyerekeze mamembala atatu. Kolamu B ndi ndalama za thonje, C ndi ngongole ya mbewu ndi mankhwala, D ndi `=B2-C2` yokokedwa kutsika. Woyamba wagulitsa thonje la 1250000 ndipo ngongole yake ndi 310000, choncho D2 ionetsa MK940,000. Wachiwiri munda unamira madzi a Shire atasefukira, wagulitsa la 185000 lokha pamene ngongole yake ndi 240500, choncho D3 ndi -55500. Wachitatu wagulitsa la 96000 ndipo ngongole yake ndi 96000 yomweyo, D4 ndi MK0. Pansi, `=SUM(D2:D4)` ipereka MK884,500.

Pa laputopu yanu zonse zili bwino ngakhale ndi fomati yopanda mainasi ija, chifukwa D3 ikufiira ndipo mukudziwa tanthauzo lake. Koma mamembala saona laputopu. Amaona pepala limene mwakapulintitsa pamsika, ndipo mapulinta ambiri a m'mashopu a fotokope ndi a inki yakuda yokha. Papepalapo D3 ituluka MK55,500 yotuwirako pang'ono, ndipo bambo wa munda womira uja awerenga kuti kalabu iwapatsa MK55,500, pamene iwowo ndiwo ayenera kubweza. Ndiye apampando atulutsa foni n'kuwonkhetsa zimene akuona: 940,000 ndi 55,500 zikwana 995,500, pomwe pepala likunena 884,500. Zasiyana ndi 111,000, ndipo maso onse atembenukira kwa msungichuma. Taonani kuti 111,000 ndi 55,500 kawiri. Nthawi iliyonse chiwonkhetso cha pamanja chikasiyana ndi cha Excel, gawani kusiyanako pawiri n'kufufuza nambala imeneyo m'kolamu. Mukaipeza, ndiye kuti ndi nambala yochepera ziro imene yawerengedwa ngati yoposa ziro.

N'chifukwa chake ine ndimati kufiirako ndi kothandiza diso lanu chabe, koma uthenga weniweni uzinyamulidwa ndi chizindikiro chimene chimapulumuka pa fotokope. Palinso anthu, makamaka abambo, amene maso awo sasiyanitsa bwino chofiira ndi mitundu ina. Akatswiri owerengera ndalama amakonda kutsekera nambala yotere m'mabulaketi, ndipo fomati yake ndi iyi:

```
"MK"#,##0_);[Red]("MK"#,##0)
```

Kachidutswa ka `_)` kali m'chigawo choyamba sikaonetsa chilichonse, kamangosiya mpata wofanana ndi kukula kwa bulaketi, kuti manambala onse m'kolamu athere pamzere umodzi. Popanda iko, manambala a m'mabulaketi amasuntha pang'ono ndipo kolamu imaoneka yokhotakhota. Ngati lipoti likupita ku banki kapena ku bungwe limene linakubwerekani ndalama, mabulaketi amamveka. Koma pamsonkhano wa pansi pa mtengo sindingawagwiritse ntchito, chifukwa ambiri sanazolowere kuti bulaketi imatanthauza kupereŵera. Kumeneko mainasi ndi yabwinoko, ndipo kuposa apo mutha kulemba mawu enieniwo m'fomati momwemo:

```
"MK"#,##0;[Red]-"MK"#,##0" ngongole"
```

D3 tsopano ionetsa -MK55,500 ngongole, ndipo m'selo mukadali nambala yeniyeni imene `SUM` ikuiwerenga. Manambala sathera pamzere umodzi, ndi zoona, koma palibe amene angawerenge molakwa. Fomati imeneyi muiike pa kolamu D yokha. Ngati chofiira cha `[Red]` chikutuluka chotumbuluka kwambiri pa pulinta, lembani `[Color9]` m'malo mwake. Chimenechi ndi chofiira chakuderako, ndipo papepala chimaoneka bwino.

Pali vuto lina limene mudzakumana nalo ndithu mukayamba kugawa ndalama. Tinene kuti mamembala atatu anagulira limodzi mankhwala a 100000 ndipo mwagawa ndi fomula `=100000/3`. Aliyense ngongole yake ndi 33333.33 ndi timatatu tina topitirira. Mmodzi wabweza 33333, poti matambala palibe amene amayenda nawo masiku ano. Chotsala chake ndi -0.33, ndipo fomati yanu ionetsa -MK0 yofiira. Munthu wamaliza kubweza koma dzina lake lili pakati pa angongole. Chikuchitika n'chakuti fomati imabisa matambala koma siwachotsa. Excel imasankha chigawo poyang'ana nambala yeniyeni ya m'selo, ndipo -0.33 ndi yochepera ziro ngakhale ikuoneka ziro. Mankhwala ake sali m'fomati ayi, ali m'fomula:

```
=ROUND(B2-C2,0)
```

Apa nambala yeniyeniyo imasanduka ziro, ndipo kufiira kumachoka. Chifukwa chomwechi ndi chimene chimachititsa kuti nthawi zina chiwonkhetso chisiyane ndi cha pamanja ndi kwacha imodzi kapena ziwiri: MK33,333 zitatu papepala zikwana 99,999, koma Excel ikuwonkhetsa matambala obisika aja n'kupeza 100,000. Mukafuna kuona matambala onse, monga pofananitsa ndi sitetimenti ya ku banki, onjezerani `.00` m'zigawo zonse ziwiri:

```
"MK"#,##0.00;[Red]-"MK"#,##0.00
```

Ena amaika `"-"` m'chigawo chachitatu kuti ziro azioneka ngati kamzere. M'malipoti a m'maofesi zimaoneka zaudongo, koma papepala lanu kamzereko kakufanana ndi mainasi, ndiye ine ndingasiye MK0 aoneke.

Zina ziwiri ndi zazifupi. Selo ikadzaza `#####`, palibe chimene chawonongeka, kolamu yangochepa chifukwa MK ndi mipatuliro zatalikitsa nambala. Dinani kawiri pamalire a kolamuyo m'mwamba ndipo itambasuka. Koma mukaona 1250000 ikuoneka MK1,250, onaninso fomati yanu, mwina chala chinawonjezera mpatuliro kumapeto, chonchi: `#,##0,`. Mpatuliro wa kumapeto umauza Excel kuti ionetse nambala itagawidwa ndi 1,000. Ndi chinthu chopangidwa dala cha anthu olemba mabajeti akuluakulu, koma chikalowa mwangozi chimaoneka ngati ndalama zasowa, pomwe m'selo zilimo zonse.

Kunoko kuchigwa malaputopu ambiri ndi ogulidwa kwa ena, ena ochokera ku Joni, ena olowera ku Mozambique, ndipo amabwera atatcheredwa kale malinga ndi dziko limene achokera. Mpatuliro wa m'fomati si mpatuliro wokhazikika ayi, umaimira chizindikiro chimene kompyutayo imalekanitsira masauzande. Laputopu yotcheredwa Chingerezi cha ku South Africa kawirikawiri imalekanitsa masauzande ndi kampata, ndipo matambala imawalekanitsa ndi mpatuliro. Ya Chipwitikizi nayonso matambala imawalekanitsa ndi mpatuliro. Fayilo yanu yomweyo ikatsegulidwa pa laputopu yotere, MK1,250,000 ioneka MK1 250 000 kapena MK1.250.000, ndipo mukayesa kulemba `#,##0` m'kabokosi ka `Type`, Excel itenga mpatulirowo ngati chiyambi cha matambala n'kukupatsani zachilendo. Musalimbane ndi fomati. Pitani pa `File`, `Options`, `Advanced`, chotsani chizindikiro pa `Use system separators`, ndipo pa `Decimal separator` ikani kadontho, pa `Thousands separator` ikani mpatuliro. Mukatero lembaninso fomati yanu. Kusinthaku kumakhala pa laputopuyo, sikuyenda ndi fayilo, choncho alembi a kalabu akatsegula pa yawo aona malinga ndi mmene yawoyo inatcheredwera. Ngati Excel yeniyeniyo ndi ya Chipwitikizi, dzina la mtundu nalonso limalembedwa m'chinenero chomwecho, `[Vermelho]` m'malo mwa `[Red]`. Fayilo yopangidwa kale imadzimasulira yokha ikatsegulidwa, vuto limangokhala polemba fomati yatsopano.

Fomati imene mwapangayi imasungidwa mkati mwa fayilo imeneyi, osati mu Excel yonse. Chaka chamawa mukatsegula fayilo yatsopano simuipeza pa mndandanda wa `Custom`. Chosavuta ndi kukopera selo imodzi ya m'fayilo yakale n'kuimata m'yatsopano, fomatiyo ilowa nayo limodzi, kenako muifalitse kumaselo ena ndi kaburashi ka `Format Painter`. Kapena sungani fayilo ya chaka chino m'dzina latsopano n'kufufutamo manambala okha ndi batani la `Delete`, limene limachotsa zolembedwa n'kusiya fomati. Posunga, khalani pa `.xlsx`. Mukasunga ngati `.csv`, Excel imalemba manambala monga akuonekera, MK ndi mipatuliro yomwe, mtundu wofiira n'kutayika, ndipo mukaitsegulanso manambala onse abwera ngati mawu amene `SUM` singawonkhetse.

Ngati ena m'komiti amagwiritsa ntchito LibreOffice Calc, fomati yomweyi imalembedwa pa `Format code` mukadina `Ctrl+1`. Mu Google Sheets mumapita pa `Format`, `Number`, kenako `Custom number format`, ndipo kalembedwe kake ndi komweko.

Musanapite kukapulintitsa, yesani fomatiyo m'maselo anayi opanda ntchito. Lembani 1250000, -55500, 0 ndi -0.33, muone ngati zikutuluka mmene mukuyembekezera: yoyamba ndi mipatuliro iwiri, yachiwiri yofiira ndi mainasi yake, yachitatu MK0 yakuda, ndipo yachinayi -MK0 yofiira, yokukumbutsani kuti kolamu D ikufunika `ROUND`. Kenako pitani pa `Page Setup`, pansi pa `Sheet` chongani `Black and white`, ndipo mutsegule `Print Preview`. Pamenepo muona pepala lopanda mtundu uliwonse, ndipo ngati mukutha kuloza amene ali ndi ngongole popanda chofiira, mamembala nawonso atha.